Kupempha banki isinthe kabwezedwe ka ngongole: kalata yolira ndi kalata ya masamu

"Wokondedwa Bwana Manijala, ndalemba kalatayi ndi mtima wosweka. Monga mukudziwa, zinthu m'dziko muno sizili bwino ndipo bizinesi yanga yakhudzidwa kwambiri. Ndakhala kasitomala wanu wokhulupirika kwa zaka zambiri. Chonde mundimvere chisoni, mundipatseko nthawi pang'ono. Zinthu zikangoyamba kuyenda, ndidzabweza zonse. Ambuye akudalitseni."

Makalata otere amafika kawirikawiri pa matebulo a mamanijala a mabanki, ambiri mwa iwo m'Chingerezi, ena olembedwa pamanja, ena otayipidwa pa kakompyuta ka pamsika. Mulibe bodza m'menemo. Zinthu zinavutadi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chiwongoladzanja chomwe Banki Yaikulu ya Reserve imakhazikitsa, chimene mabanki amayang'anapo pokongoza anthu, chinali 12 peresenti kumayambiriro kwa 2022, koma pofika Febuluwale 2024 chinali pa 26 peresenti. Mwezi wotsatirawo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Nino. Vuto la kalatayi ndi loti zonsezi manijala akuzidziwa kale, ndipo aliyense amene ali ndi ngongole kubankiyo anawombedwa ndi dzuwa lomwelo. Chimene manijala sakudziwa, ndipo kalatayo siikumuuza, ndi ndalama zingati zimene mwiniwakeyo angathe kupereka, kuyambira liti, ndipo zichokera kuti.

Kuti nkhaniyi ioneke bwino, tiyerekeze kuti kalatayo yalembedwa ndi mayi wina wa chigayo ku Balaka. Mayiyu ndi chitsanzo chabe, ndipo ziwerengero zake zasankhidwa kuti masamu asavute, koma masamuwo ndi omwe banki imachita. Mu Ogasiti 2023 anakongola K20,000,000 zoti abweze m'miyezi 24 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka. Ngongole zambiri za kubanki chiwongoladzanja chake chimakwera ndi kutsika, koma pano tichisiye chili pomwepo. Mwezi uliwonse ankayenera kupereka K1,118,256. Anapereka bwinobwino miyezi 10. Mu Julayi ndi Ogasiti 2024 sanapereke kanthu, ndipo foni ya kubanki ikalira ankangoiyang'ana.

Asanaitumize kalata ija, anaionetsa mlamu wake amene anagwirako ntchito yosunga mabuku a ndalama. Iye anaiwerenga kawiri, n'kufunsa: "Alamu, 'nthawi pang'ono' ndi miyezi ingati?"

"Mwina itatu. Mwina isanu. Aona okha abwanawo."

"Ndiye mukufuna iwo akuwerengereni masamu anu. Nanga akawerenga n'kupeza kuti njira yachidule ndi kugulitsa chikole?"

Amene amawerenga kalata si manijala yekha

Chinthu choyamba chimene olemba makalata otere amalakwitsa ndi kuganiza kuti ndalamazo ndi za manijala, ndipo akamukhudza mtima nkhani yatha. Manijala wa nthambi amaloledwa kuvomereza zinthu mpaka pa mlingo wina wake. Kusintha mgwirizano wa ngongole kawirikawiri kumapita ku gulu loona za ngongole kulikulu la banki, anthu amene sanafikepo pachigayopo ndipo sadziwa nkhope ya mayiyo. Manijala amayenera kuwalembera lipoti lake: ngongole yatsala zingati, yachedwa masiku angati, chavuta n'chiyani, umboni wake uli pati, wokongolayo akupempha chiyani, bizinesiyo ingakwanitse bwanji, chikole n'chokwana zingati. Kalata yabwino imamuyankhira mafunso amenewa kuti iye angokopera. Kalata yolira imamusiya ndi pepala lopanda kanthu, ndipo palibe manijala amene angalembere akuluakulu ake kuti "ndamumvera chisoni".

Palinso chinthu china chimene okongola ambiri sachidziwa, ndipo chili kumbali yawo. Ngongole ikapyola masiku 90 osabwezedwa, banki imaiika m'gulu la ngongole zoipa. Ikatero, malamulo amakakamiza banki kupatula ndalama kuchokera pa phindu lake zotetezera ngongoleyo, ndipo nthambi yokhala ndi ngongole zoipa zambiri manijala wake sagona tulo. Kugulitsa chikole nakonso si kwa tsiku limodzi: pamafunika zidziwitso, maloya, owerengera mtengo wa malo, nthawi zina ziletso za kukhoti, ndipo katundu wogulitsidwa pa okushoni amapita motchipa. Choncho banki ili ndi chifukwa chakechake chofunira kuti ngongole ikhale yamoyo. Si chifundo ayi, ndi bizinesi. Mu Epulo 2020, mliri wa Kovidi utayamba, Banki Yaikulu inagwirizana ndi mabanki kuti okongola okhudzidwa apumeko miyezi itatu, zomwe zikusonyeza kuti kusintha kabwezedwe si chinthu chachilendo kapena chochititsa manyazi. Koma nthawi zonse pamene palibe chilengezo chotere, aliyense amadzilankhulira yekha.

Apa m'pamene tsiku lolembera kalata limakhala lofunika. Mayi wathu analephera kupereka koyamba pa 31 Julayi. Akalemba pa 5 Seputembala, ngongoleyo yachedwa masiku 36, ndipo manijala akadali ndi mpata. Akadikira mpaka Novembala, fayilo yake ikhala itapita kwa otolera ngongole zovuta, amene ntchito yawo si kumvetsera. Akanalemba mu Juni, mota itangopsa, zikanakhala bwino koposa.

Kuchoka pa "zinthu sizili bwino" kufika pa mota

Mlamu uja anayamba ndi kufunsa chimene chinachitikadi. Zinapezeka zinthu zitatu. Pakati pa Juni mota ya chigayo chachikulu inapsa, chigayocho chinaima masabata asanu ndi awiri, ndipo kukonzetsa kunadya K1,800,000. Sukulu ina yogonera komweko, imene mayiyu amaipatsa ufa, inali isanalipire K3,600,000 ya teremu yapita. Ndipo chifukwa cha ng'amba, anthu amene ankabwera ndi thumba lathunthu tsopano ankabwera ndi ndowa.

Zinthu zitatuzi si zofanana, ndipo kalata yabwino imazisiyanitsa. Mota inapsa ndipo inakonzedwa. Vuto limenelo linatha, lisiti ya wokonza ilipo. Ngongole ya sukulu ndi ndalama zochedwa, osati zotayika, ndipo pali mainvoyisi ndi mabuku osayinidwa polandira ufa. Kuchepa kwa chimanga ndiko sikutha mawa. Kudikira zokolola zina. Banki imasintha kabwezedwe pamene vuto ndi la kanthawi, kapena pamene bizinesi yachepa mphamvu koma ikadali ndi moyo. Wolemba kalata amene amasakaniza zonse m'mawu oti "mavuto azachuma" amabisa mfundo yake yamphamvu kwambiri, yoti gawo lalikulu la vutolo lili ndi tsiku limene linayamba ndi tsiku limene linatha.

Panalinso funso lowawa: ndalama za Julayi ndi Ogasiti zinapita kuti? Zinapita ku mota. Mayiyu sankafuna kulemba zimenezo, poopa kuti akuvomera mlandu. Koma manijala ali ndi sitetimenti ya akaunti patsogolo pake, ndipo akuona K1,800,000 itatuluka mu Julayi. Ndi bwino kuti aimve kwa mwiniwake, ndi lisiti yake, kusiyana n'kuti aziganiza kuti inakagula malata a nyumba ina. Chimodzimodzi K400,000 imene mayiyu anatenga ku banki m'khonde. Ngongole za kumabanki ena ndi mabungwe obwereketsa ndalama zimaoneka m'kaundula wa mabungwe osunga mbiri ya okongola, amene anakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2010. Za banki m'khonde kapena katapila mwina sizingaoneke, koma zikadzatulukira mgwirizano utasayinidwa, chilichonse chimene chinalembedwa m'kalatamo chimakayikitsa.

Masamu a mwezi umodzi

Mtima wa pempho lonse ndi tsamba limodzi losonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka. Awiriwo anakhala pansi ndi kope la pachigayo, malisiti a magetsi ndi mauthenga a ndalama za pafoni. Anapeza kuti kuyambira Disembala, mwezi wabwinobwino, kugayitsa ndi kukonola kungabweretse K1,900,000, ndipo phindu la ufa ndi madeya K900,000. Zotuluka, kuphatikiza magetsi, malipiro a anyamata atatu, masefa, malamba, gilisi, misonkho ndi ndalama ya pakhomo, zinakwana K1,750,000. Zotsala: K1,050,000.

Nambala imeneyi ikulankhula zinthu ziwiri. Choyamba, K1,118,256 ya mgwirizano wakale sangaikwanitsenso ngakhale mota ikuyenda, ndiye kupempha "nthawi pang'ono" kenako n'kubwerera pa mlingo womwewo kukanakhala kudzitchera msampha. Chachiwiri, sayenera kulonjeza K1,050,000 yonse. Mabanki amafuna kuti zotsala zipose ndalama yobweza ndi gawo looneka, mwina limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, chifukwa lamba amaduka, magetsi amazima, ndipo Febuluwale amabwera chaka chilichonse. Mwezi wa njala umenewo mayiyu anayerekeza kuti zotsala zingatsike kufika pa K850,000. Ndalama yobweza iyenera kukhala pansi pa mwezi woipa kwambiri, osati pansi pa mwezi wabwino.

Mzere umodzi pa tsamba limenelo umanena zambiri kuposa ndime yonse ya malonjezo: ndalama ya pakhomo anaitsitsa kuchoka pa K450,000 kufika pa K300,000. Amene akupempha banki kuti idikire ayenera kusonyeza kuti iyenso wamanga lamba.

Tsopano ankayenera kusankha choti apemphe. Ngongole yotsala atabweza miyezi 10 inali pafupifupi K13,073,000, ndipo ndi chiwongoladzanja cha miyezi iwiri yosabwezayo inafika pafupifupi K13,735,000, osawerengera chindapusa. Mayiyu anali ndi njinga yamoto yotumikira pachigayo imene akanatha kugulitsa. Akapereka K735,000 nthawi yomweyo, ngongole itsala K13,000,000.

Iye ankafuna miyezi itatu yosapereka kalikonse. Mlamu wake anamuonetsa mtengo wake: chiwongoladzanja sichipuma nawo, chimaunjikana pamwamba pa ngongole, ndipo miyezi itatuyo ikatha K13,000,000 ikhala itasanduka pafupifupi K14,000,000. Kupereka chiwongoladzanja chokha, K325,000 pamwezi, kumasunga ngongole pamalo amodzi, komanso banki imaona ndalama ikulowa mwezi uliwonse, chinthu chimene chimafewetsa ntchito ya manijala. M'miyezi imeneyo mayiyu ankayembekezera zotsala za pafupifupi K600,000, ndiye akanakwanitsa, n'kutsalako zogulira chimanga cha sukulu ndi kutsekera banki m'khonde.

Kenako kutalikitsa nthawi. K13,000,000 pa miyezi 24 imafuna pafupifupi K727,000 pamwezi. Pa miyezi 36 imatsika kufika pafupifupi K552,000, koma zonse pamodzi wapereka pafupifupi K2,400,000 yowonjezera. Pa miyezi 60 imangotsika kufika pafupifupi K421,000, ndipo pomaliza wapereka ndalama zopitirira K25,000,000. Chiwongoladzanja chikakhala chokwera chonchi, chaka chilichonse chowonjezera chimapeputsa katundu pang'ono koma n'kukweza mtengo kwambiri. Anasankha miyezi 24, chifukwa K727,000 ili pansi pa K850,000 ya mu Febuluwale.

Kalata yachiwiri

Nayi kalata imene inatuluka. Kubanki ikhoza kupita m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi awa:

"Wokondedwa Bwana Manijala,

PEMPHO LOSINTHA KABWEZEDWE KA NGONGOLE YA CHIGAYO

Ndikupempha kuti banki isinthe kabwezedwe ka ngongole yanga ya K20,000,000 imene ndinatenga mu Ogasiti 2023. Ndinabweza miyezi 10 motsatizana osachedwa. Sindinabweze mu Julayi ndi Ogasiti 2024, ndipo ndalama zotsalira ndi K2,236,512. Ndinalakwitsa posakudziwitsani msanga.

Pakati pa Juni mota ya chigayo chachikulu inapsa ndipo chigayocho chinaima masabata asanu ndi awiri. Ndalama zimene ndikanabweza, K1,800,000, ndinakonzetsera motayo, ndipo ikugwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa Ogasiti. Sukulu imene ndimaipatsa ufa sinandilipire K3,600,000. Komanso ogayitsa achepa chifukwa cha zokolola za chaka chino, ndipo sindikuyembekeza kuti achuluka zokolola zina zisanafike.

Pempho langa ndi ili. Ndipereka K735,000 tsiku losayina mgwirizano watsopano, kuti ngongole itsale K13,000,000. Mu Seputembala, Okutobala ndi Novembala 2024 ndizipereka chiwongoladzanja chokha, K325,000 pamwezi. Kuyambira Disembala 2024 mpaka Novembala 2026 ndizipereka pafupifupi K727,000 pamwezi. Ndikupemphanso kuti chindapusa cha miyezi iwiriyi chichotsedwe.

Kuyambira Disembala bizinesi izitsala ndi pafupifupi K1,050,000 pamwezi, ndipo mwezi wovuta kwambiri K850,000. Masamuwa sanawerengere ndalama ya sukulu ija. Ikalipidwa, ndavomera kuti ilowe mwachindunji ku akaunti ya ngongole. Ndalama zonse za pachigayo, za pamanja ndi za pafoni, ndiziziika ku akaunti yanga ya kubanki kwanu sabata iliyonse. Chikole chikhale chomwe chija. Ndili ndi ngongole ina imodzi, ya K400,000 ku banki m'khonde, imene ndimaliza mu Novembala.

Ndaphatikiza lisiti ya mota, mainvoyisi a sukulu, oda ya ufa ya teremu ino, malisiti a magetsi a miyezi 12 ndi tsamba la ndalama zolowa ndi zotuluka. Ndikupempha kukumana nanu sabata ya mawa, ndipo muli olandiridwa kudzaona chigayo chikugwira ntchito.

Ine wanu,"

Kalatayi ikukwana tsamba limodzi. Mawu oti "chisoni" mulibe, koma ulemu ulimo wonse. Pempho lili m'chiganizo choyamba, chifukwa munthu wowerenga mafayilo ambiri amafuna kudziwa msanga kuti pepalali likumufuna chiyani. "Kasitomala wokhulupirika" wasanduka "miyezi 10 motsatizana osachedwa", zomwe manijala angatsimikize pa kompyuta yake m'kamphindi. Kupepesa kwatenga chiganizo chimodzi, pa chinthu chenicheni chimene mayiyu analakwitsa, kenako kalata yapitirira.

Chiganizo chanzeru kwambiri mwina ndi chakuti masamuwo sanawerengere ndalama ya sukulu. Okongola ambiri amamanga pempho lawo lonse pa ndalama imene wina akuwasungira: "akangondilipira, ndibweza zonse." Manijala aliyense anamvapo mawu amenewa, ndipo amadziwa kuti wolipira mochedwa alibe kalendala. Pempho limene likuima palokha popanda ndalamayo, n'kuiika ngati chowonjezera, limasonyeza kuti mwiniwake waganizira za tsiku loipa.

Malisiti a magetsi nawonso ali ndi ntchito yobisika. Bizinesi ya chigayo imayendera ndalama za pamanja, ndipo kope la pachigayo aliyense akhoza kulilemba usiku umodzi. Mayunitsi a magetsi sanama. Akusonyeza miyezi imene chigayo chinkagaya kwambiri, akusonyeza kugwa kwa mu Juni ndi Julayi, ndipo akusonyeza kudzukanso kwa mu Ogasiti. Bizinesi iliyonse ili ndi umboni woterewu wochokera kwa munthu wina: wa minibasi ali ndi malisiti a mafuta, wa golosale ali ndi mainvoyisi a kuholoselo, woweta nkhuku ali ndi malisiti a anapiye ndi chakudya. Lonjezo loika ndalama zonse kubanki likuyankha dandaulo limene mamanijala amakhala nalo pa amalonda ang'onoang'ono ambiri, loti akaunti imaoneka yowuma pamene malonda akuyenda, chifukwa ndalama imazungulira m'thumba ndi pafoni.

Zimene kalatayi yasiya nazonso n'zofunika. Sinadzudzule banki chifukwa cha chiwongoladzanja, ngakhale mayiyu ali ndi maganizo ake pa nkhaniyo. Sinatchule loya kapena wachibale wa udindo. Sinapemphe ndalama zina. Pempho loti "mundionjezereko K5,000,000 kuti ndidzuke" likaikidwa m'kalata yomweyo, wowerenga amaona munthu amene walephera kunyamula thumba limodzi akupempha lachiwiri. Ngati mpamba wowonjezera ukufunikadi, nkhani yake imabwera pambuyo pa miyezi ingapo yobweza bwino.

Mtengo wake, ndi pamene sizithandiza

Wina asaganize kuti mayiyu wapeza mphatso. Pa mgwirizano wakale anatsala ndi miyezi 14, pafupifupi K15,656,000. Pa mgwirizano watsopano, kuphatikiza K735,000 yoyamba, miyezi itatu ya chiwongoladzanja chokha ndi miyezi 24 yotsatira, apereka pafupifupi K19,155,000. Kusiyana kwake ndi pafupifupi K3,500,000. Ndiwo mtengo wosungira chigayo ndi malo ake, ndipo munthu ayenera kuudziwa asanasayine. Ndalama ya sukulu ikabwera msanga n'kudula ngongoleyo, mtengowo utsika ndithu, n'chifukwa chake ndi bwino kufunsa ngati mgwirizano watsopano ukulola kubweza msanga popanda chindapusa.

Pali malire amene kalata ngakhale yokoma bwanji singawadumphe. Chiwongoladzanja chokha pa K13,000,000 ndi K325,000 pamwezi. Bizinesi imene zotsala zake sizifika pamenepo, ndipo palibe chifukwa chooneka choti zidzakwera, singapulumuke ndi kutalikitsa nthawi, ngakhale atapatsidwa zaka khumi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: munthu akuyenera kukongola kwina kuti abweze kuno, kapena masamu ake akungokwana pokhapokha atayerekeza kuti malonda awirikiza kawiri. Zikatero, pempho loona mtima ndi lina: kupempha banki miyezi ingapo kuti mwiniwake agulitse yekha katundu pa mtengo wa pamsika, atseke ngongole, atsale ndi chenji. N'zowawa, koma okushoni imawawa kuposa pamenepo, chifukwa ndalama za maloya ndi ogulitsa zimachotsedwa pa mtengo wotsika kale, ndipo zikapanda kukwana ngongole yotsalayo imamutsatirabe.

Banki nayonso siyenera kuvomera chilichonse. Ikhoza kukana kuchotsa chindapusa, kufupikitsa miyezi 24 kukhala 18, kufuna chikole china, kapena kulipiritsa ndalama yokonzera mgwirizano watsopano. Ndiye wopita kukakumana ndi manijala apite akudziwa nambala imene sangaipyole. Kwa mayi wathu, miyezi 18 ingafune pafupifupi K906,000 pamwezi, zomwe zili pamwamba pa K850,000 ya mwezi wa njala. Ayenera kunena zimenezo poyera ndi pepala m'manja. Kuvomera chifukwa cha manyazi n'kudzalepheranso mu Febuluwale ndi koopsa kwambiri, popeza ngongole yosinthidwa kale banki imaiyang'anitsitsa, ndipo mwayi wachiwiri umavuta kuupeza.

Kalata ikaperekedwa, ntchito sinathe. Mayiyu apite ndi makope awiri, imodzi aidinditse chidindo cha tsiku limene yalandiridwa n'kubwerera nayo. Podikira yankho apitirize kuika ndalama, ngakhale K325,000 ija, chifukwa masiku 90 aja akuwerengedwabe ndipo ndalama yolowa imalankhula kuposa kalata. Ngati pali munthu amene anamusayinira ngati womuimira, kapena chikole n'cha banja, anthu amenewo adziwe zonse, popeza kawirikawiri banki idzafuna kuti asayinenso. Ngati banki yamuwerengera ndalama molakwika kapena dandaulo lake silikuyankhidwa, ayambe ndi ofesi ya madandaulo ya banki yomweyo, kenako akhoza kukafika ku Banki Yaikulu ya Reserve, imene imayang'anira mabanki potsatira lamulo la ntchito za ndalama la mu 2010. Koma kukana kusintha mgwirizano pakokha si mlandu. Banki ili ndi ufulu wokana.

Ndipo mawu a pakamwa a manijala oti "musadandaule mayi, tikonza" sasintha kalikonse m'kompyuta ya banki. Mpaka mutalandira kalata ya mgwirizano watsopano, kuiwerenga mzere uliwonse, kufunsa ngati chiwongoladzanja chake n'chokhazikika kapena chosinthasintha, ndi kuisayina, mgwirizano wakale ndiwo ukugwira ntchito, ndipo chindapusa chikupitirira kuwerengedwa.